Ndiime pati polemba ndemanga ya filimu kuti ndisaulule mathero?

"Aphunzitsi, ndili mu Giredi 11 pasukulu ina ya sekondale kuno ku Chipata, ndipo ndili m'kalabu yolemba kanyuzipepala ka pasukulu. Andipatsa malo a mawu 200 kuti ndilembe za filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind, imene tidzaonere muholo potseka temu. Ine ndinaionera kale kunyumba. Nditalemba koyamba, mnzanga anati ndamuuza nkhani yonse, palibenso choti akaonere. Nditachotsa zonsezo, amadamu anati palibe chimene ndanena. Ndiime pati? Nanga dzina la filimuyo silikuulula kale mathero?"

Mwanangu, mtima m'malo. Ana ambiri amene ndagwira nawo ntchito m'makalabu olemba amadutsa momwemo, ndipo si chifukwa choti alibe luso. Kuyambira ku pulayimale tinazolowera kulemba chidule. Mphunzitsi akakupatsa buku amafuna umboni woti unafika patsamba lomaliza, ndiye umafotokoza zonse motsatana, ichi chinachitika, kenako ichi, mpaka kumapeto. Dzanja likazolowera choncho, ukaliuza kuti lisaulule nkhani limangouma, n'kutsala ndi mawu monga "filimu yabwino kwambiri, yophunzitsa zambiri". Koma wowerenga ndemanga si mphunzitsi wochonga mayeso. Ndi mnzako wa Giredi 9 amene sanaonere filimuyo, ndipo akufuna kudziwa ngati kuli koyenera kukhala pabenchi yolimba muholo pafupifupi maola awiri, komanso chimene ayenera kuchiyang'anitsitsa akakhala pamenepo.

Chida chimene ndimapatsa aliyense poyamba ndi ichi. Usanalembe ndemanga, tenga kapepala ulembe funso limodzi limene filimuyo imaika mumtima mwa woonera. Nkhani iliyonse yokoka mtima ili ndi funso lotere, ndipo ndi limene limakhazika munthu pampando mpaka mapeto. Likhale chiganizo chimodzi chothera ndi chizindikiro cha funso. Ukalipeza, malire wawapeza. Zonse zimene zimabala funsolo uli ndi ufulu wozinena, ndipo uyenera kuzinena momveka, ndi mayina ndi malo omwe. Zonse zimene zimayankha funsolo n'za woonera, usazikhudze. M'mafilimu ambiri funsoli limakhala litamveka pofika gawo limodzi mwa magawo anayi a nthawi yonse. Filimu yakoyi ndi ya mphindi 113, ndiye ukamaioneranso uyang'ane wotchi: zimene zikuchitika m'theka loyamba la ola n'zako, ndipo zikapitirira pamenepo uyambe kusamala ndi chiganizo chilichonse.

Tsopano pa dzina lija. Wafunsa funso labwino, chifukwa filimu imeneyi ndi yosiyana ndi zambiri. Nkhani yake inachitikadi. William Kamkwamba ndi munthu weniweni wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, kutsidya kwa malire kuno, ndipo buku lofotokoza za moyo wake linatuluka mu 2009, zaka khumi filimu isanatuluke mu 2019. Eni filimu anasankha okha dzina lonena kuti mnyamatayo anaigwiritsa ntchito mphepo. Chimene eni ake aika poyera, padzina, pachithunzi chotsatsira ndi pamawu ochepa olembedwa pansi pa dzinalo, si chinsinsi ayi. Ukabisa zoti William akufuna kupanga makina oyendera mphepo, ukubisa chimene aliyense wachiwerenga kale pakhoma la holo, ndipo ndemanga yako idzaoneka yopanda kanthu. Choncho funso la filimu imeneyi si lakuti "Kodi apanga makinawo?" Funso lake lenileni lili m'banja: mwana amene wachotsedwa sukulu chifukwa cha fizi, njala itafika pakhomo, angamutsimikizire bwanji bambo wake kuti zimene anaziona m'buku n'zoyenera kutayirapo chochepa chimene chatsala, nanga banjalo lilipira chiyani lisanafike kumeneko? Waona kuti funsoli ndalinena lonse, koma palibe chimene ndakuwonongera. Amene sanaonere akudziwa kumene ulendo ukupita, koma sakudziwa amene adzafike ndi amene adzatsale m'njira, ndipo kukoma kwa filimuyi kuli pamenepo.

Ndiye zoti uzisunge ndi zimene zimachitikira munthu aliyense wa m'banja la a Kamkwamba chilala chitakula, zimene bambo amasankha pamapeto pake, ndiponso njira zimene William amadutsamo kuti apeze zimene akufuna. Inenso pano sindizitchula, popeza pali ena amene akuwerenga yankho lino asanaonere.

Kusanena mathero mwachindunji n'kosavuta. Chovuta, chimene chimagwetsa ngakhale olemba m'manyuzipepala akuluakulu, ndi kudontha. Umakhala sunanene kuti wakuti wamwalira kapena wakuti ndiye wakuba, koma mawu amodzi aang'ono amanena m'malo mwako. Kuti ndikuonetse bwino popanda kuwononga filimu yeniyeni, tiyeni tipeke yathu. Tinene kuti pamudzi wina ndalama za feteleza za kopaletivu zasowa, anthu akuloza chala msungichuma, mtsikana wamasiye, ndipo kumapeto zikudziwika kuti anaba ndi amalume ake, amene filimu yonse akhala akumutonthoza ndi kumuperekeza kwa amfumu.

Mwana wina alemba kuti, "Mtsikanayu ali ndi amalume ake ooneka ngati achifundo." Mawu akuti "ooneka ngati" amaliza filimu yonse. Wowerenga aliyense wanzeru adzalowa muholo maso ali pa amalumewo. Wina alemba kuti, "Poyamba amalume ake amamuthandiza." Mawu akuti "poyamba" akulonjeza kuti kutsogoloku zisintha. Wina, pofuna kukometsa, alemba kuti, "Musakhulupirire munthu aliyense mufilimu imeneyi," kapena "Mathero ake adzakudabwitsani." Ameneyu amaganiza kuti wasunga chinsinsi, koma wauza woonera kuti kuli kutembenuka, ndipo munthu amene akudikira kudabwa sadabwanso. Amayamba kuwerenga anthu mmodzimmodzi, ndipo pofika pakati wapeza kale wakubayo. Palinso kudontha kobwera poyamikira osewera. Ukalemba kuti, "Amene wasewera amalume ndiye wanyamula filimu yonse, makamaka m'mphindi khumi zomaliza," wowerenga adzifunsa kuti munthu wongoperekeza mwana kwa amfumu akufunanji m'mphindi zomaliza. Chimodzimodzi kulemba "malemu" patsogolo pa dzina la munthu amene filimu ikamayamba ali moyo, kapena kuuza anthu kuti abwere ndi kampango kopukutira misozi chifukwa cha wakutiwakuti.

Mankhwala ake ndi amodzi. Munthu aliyense umufotokoze monga mmene woonera amamudziwira pa malire paja, osati monga mmene iwe ukumudziwira utaona zonse. Mufilimu yathu yopekayi ungolemba kuti, "Yekhayo amene waima naye ndi amalume ake." Sunaname, chifukwa pa nthawi imeneyo ndi mmene zilili, ndipo wamusiyira woonera mwayi wokhulupirira amalumewo monga mmene iwe unawakhulupirira. N'chifukwa chakenso ndimalangiza kufotokoza nkhani ngati ikuchitika panopa: "William amakonza mawailesi", "mvula ikukana". Ukalemba ngati zakale, dzanja limathamangira kunena mmene zinathera.

Tonse tinakhalapo m'kanyumba koonetsera mafilimu kumsika, kapena pabalaza kunyumba, pamene mnyamata amene anaonera kale akulephera kudzigwira: "Muone apa, muone apa! Uyutu safika patali." Iye sakufuna kuwononga. Wakondwa, ndipo akufuna kuti mudziwe kuti iye akudziwa. Mtima womwewo umabwera polemba. Ukamva chikukukoka kuti uonetse kuti ukudziwa za kutsogolo, chiganizo chimenecho uchiwerengenso kawiri.

Tsono ukachotsa nkhani, m'mawu 200 muja mulowa chiyani? Apa ndi pamene amadamu ako akukudikira. Mulowa maganizo ako, ndipo ganizo lililonse libwere ndi umboni wa chinthu chimene unachiona kapena kuchimva. Kuti upeze umboniwo, uionerenso filimuyo uli ndi kope ndi cholembera. Ulendo woyamba unkatsatira nkhani. Ulendo uno nkhani ukuidziwa, ndiye maso ako ali ndi mpata woona zina: nkhope za osewera pamene sakulankhula, mtundu wa minda ndi thambo, phokoso ndi bata, pamene unatopa n'kugwira foni, pamene unaiwala kuti ukuonera filimu. Ulembe mphindi yake pambali. Ukamaliza udzakhala ndi zinthu mwina khumi. Usankhepo ziwiri zimene zinakugwira mtima ndi chimodzi chimene sichinakukhutiritse. Zitatu zokha. M'malo ochepa chonchi, zinthu zisanu zimasanduka mndandanda, palibe chimene chimamveka.

Filimu imeneyi yakupatsa mwayi umene wolemba wa ku London kapena ku Lagos alibe. Mbali yaikulu ya zolankhula ili m'Chichewa, ndipo iwe ndi owerenga ako muli ndi khutu loweruza. Chiwetel Ejiofor, amene anatsogolera filimuyi n'kuseweranso ngati bambo ake a William, a Trywell, anachita kuphunzira Chichewa chifukwa cha ntchito imeneyi. Maxwell Simba, amene wasewera William, ndi wa ku Kenya. Lily Banda, amene wasewera Annie, mlongo wake wa William, ndi wa ku Malawi. Wakumva adzamva kusiyana kwa malilime amenewa. Kunena zimenezi sikuulula kanthu, ndipo ndi chinthu chimene anzako adzakambirana potuluka muholo. Ine ndimaona kuti n'koyenera kuchinena mosabisa koma mwaulemu: katchulidwe kena kamalemera, nthawi zina mpaka munthu umathandizidwa ndi mawu olembedwa pansi, komabe kusankha kuti banja la ku Kasungu lilankhule chilankhulo chake m'malo mwa Chingerezi chokhachokha kunali kusankha bwino. Iwe ukhoza kuona mosiyana, ndipo ngati ndi choncho ulembe mmene waonera iweyo.

Pali zinanso zimene maso a kuno amaziona msanga. Filimu imayamba ndi maliro, ndipo Gule Wamkulu amafika pamaliropo. Mwana amene anakulira kufupi ndi Katete, kumene mwambo wa Kulamba umachitikira ku Mkaika mwezi wa Ogasiti, ali ndi choti anene ngati guleyo waonetsedwa mwaulemu kapena ayi. Nkhani ya njala nayo si yachilendo. Filimuyi ikunena za njala ya ku Malawi ya 2001 ndi 2002, koma anzako akukumbukira chilala cha 2024, pamene boma lathu linalengeza kuti dziko lili pangozi, chimanga chitauma m'minda ndipo magetsi akuzima maola ambiri patsiku. Chiganizo chimodzi cholumikiza filimu ndi zimenezo chimamuuza wowerenga chifukwa chake filimu ya mu 2019 ikumukhudza lero. Chimodzi chokha, osapitirira, chifukwa ndemanga si nkhani ya zanyengo.

Malo uwagawe motere. Mawu ngati 25 apite ku zodziwitsa: dzina la filimu, chaka, wotsogolera, kutalika kwake ndi chilankhulo. Mawu ngati 60 afotokoze anthu, malo ndi funso lija. Mawu ngati 85 akhale a maganizo ako ndi umboni wake. Otsalawo anene amene filimuyi ikuwayenera ndi chenjezo ngati lilipo. Ukaona kuti gawo la nkhani laposa gawo la maganizo, wabwerera ku chidule. Ufunsenso mkonzi wanu ngati mawu 200 aja anawerengera Chingerezi, chifukwa mawu athu ndi ataliatali ndipo amadya mizere yambiri papepala. Ndi bwino kudziwiratu kusiyana n'kuti wina adzadule ndime yako yomaliza tsiku losindikiza.

Nachi chitsanzo. Usachikopere, chifukwa maganizo ali m'menemo ndi anga, koma uone mmene chayendera.

"The Boy Who Harnessed the Wind (2019), yotsogoleredwa ndi Chiwetel Ejiofor. Mphindi 113, m'Chichewa ndi m'Chingerezi.

William ali ndi zaka 13 ndipo amakonza mawailesi a anthu a m'mudzi mwake ku Wimbe, ku Kasungu. Atangoyamba sekondale, fizi ikusowa, ndipo nyengo ikuwatembenukira alimi. Iye akukhulupirira kuti mphepo ikhoza kupulumutsa banja lake. Bambo ake, a Trywell, akukhulupirira khasu. Pakhomo pamene chakudya chikuchepa tsiku ndi tsiku, ndani amvere mnzake?

Mphamvu ya filimuyi ili pankhope. Maxwell Simba salankhula zambiri, koma muone maso ake akamatola zitsulo pamalo otayira zinthu zakutha: simufunika kuuzidwa kuti mutu wake ukugwira ntchito. Ejiofor sanawasandutse bambowo munthu woipa. Ndi mlimi wonyada amene akuopa, ndipo ambiri tidzaona abambo athu mwa iye. Minda imasintha mtundu pang'onopang'ono mpaka fumbi lokhalokha, ndipo amene akukumbukira chilala cha 2024 adzalimva kukhosi. Chichewa cha osewera ena n'cholemera, ndipo pakati filimu imayenda pang'onopang'ono, moti wofuna za makina adikire ndithu.

Ndi yoyenera kuonera limodzi ndi makolo, ndipo a kalabu ya sayansi ya JETS asaphonye. Muli njala, maliro ndi chiwawa pang'ono, choncho ana aang'ono akhale ndi wamkulu pafupi."

Tiyeni tiione pafupi. Ndime ya nkhani yathera pa funso, ndipo palibe chiganizo pambuyo pake chimene chikuyankha. Sindinalembe kuti "Kodi William apambana?", chifukwa dzina la filimu layankha kale ndipo wowerenga angaone ngati ndikumuyesa mwana. Umboni wonse ndautenga koyambirira, monga mawailesi ndi zitsulo zija, kapena ndi zinthu zimene zafalikira filimu yonse, monga mtundu wa minda ndi chilankhulo. Umu ndi mmene umayamikirira wosewera popanda kuloza chochitika cha kumapeto: umanena zimene amachita ndi nkhope, mawu kapena thupi, osati pamene amazichitira. Za a Trywell ndanena kuti ndi onyada ndiponso akuopa, zimene zimaoneka msanga. Ndikanalemba kuti "ndi bambo wouma mtima amene amaphunzira" kapena "amene saphunzira", ndikanadontha. Annie ndi mayi ake sindinawatchule m'chitsanzochi chifukwa cha malo, koma ukafuna kuwatchula, unene chimene ali pachiyambi, basi.

Uonenso chodandaula chija. Ana ambiri amaopa kulemba choipa chilichonse, makamaka filimu ikasankhidwa ndi aphunzitsi. Koma ndemanga yongoyamikira anthu saikhulupirira, imamveka ngati chilengezo cha pa asembule. Ukauza anzako kuti pakati pamayenda pang'onopang'ono, wawathandiza: akafika pamenepo sayamba phokoso, chifukwa unawachenjeza. Chofunika n'chakuti chodandaulacho chikhale cha filimu, chotchulika, osati chonyoza munthu. "Inanditopetsa" sikokwanira. Unene kuti ndi pati, ndipo chifukwa chiyani.

Chenjezo la kumapeto lija lili ndi msampha wake. Makolo ndi aphunzitsi ayenera kudziwa ngati muli zinthu zolemetsa mtima, ndipo pamenepa kuteteza mwana kumaposa kusunga chinsinsi. Koma ukhoza kuchita zonse ziwiri. Utchule mtundu wa chinthucho, osatchula munthu kapena nthawi: "muli chiwawa pang'ono", osati "wakuti amamenyedwa pamsonkhano". Mawu akuti "maliro" m'chitsanzo chija ndi otetezeka chifukwa filimu imayamba nawo.

Mutu wa ndemanga ndi chithunzi ndi malo ena amene chinsinsi chimathawira, ndipo kawirikawiri wolakwa si wolemba. Iwe wasamala mawu 200 onse, kenako mnzako woyala masamba akuika mutu wake wonena mmene zinathera, kapena akutenga pa intaneti chithunzi cha m'mphindi zomaliza chifukwa ndi chokongola. Upereke ndemanga yako ili ndi mutu kale, waufupi, wochokera ku funso lija. "Khasu kapena mphepo?" ungakwane. Ndipo upemphe kuona tsambalo lisanapite kumakina. Za nyenyezi zimene ena amaika, zitatu mwa zisanu kapena zinayi, ngati kanyuzipepala kanu kamaziika uziike, koma zigwirizane ndi mawu ako. Sungadandaule ndime yonse n'kupereka zisanu.

Ukamaliza kulemba, uyese ndi anthu awiri osiyana. Woyamba akhale amene sanaonere. Akawerenga usamufunse ngati ndi yabwino, chifukwa adzangoti inde. Umufunse kuti, "Ukuganiza kuti zithera bwanji? Chichitike n'chiyani kwa bambowo?" Akayankha molondola ndiponso motsimikiza, umufunse mawu amene amuuza zimenezo, ndipo adzakulozera chiganizo chodonthacho. Akayankha kuti sakudziwa koma akufuna kudziwa, zatheka. Akangokweza mapewa osasonyeza chidwi, ndiye kuti wabisa mopitirira, ubwezeremo dzina, malo kapena vuto looneka ndi maso. Wachiwiri akhale amene anaonera. Ameneyu ntchito yake ndi kuona ngati wanena zoona: mayina, zaka, ndani ndi mbale wa yani, ndiponso ngati sunalonjeze filimu yosiyana ndi imene ilipo. Kubisa mathero sikukupatsa ufulu wonamiza. Ukailemba ngati filimu yosangalatsa ya mwana wanzeru wopanga makina, anzako adzakhumudwa akakumana ndi njala imene yatenga mbali yaikulu. Mayina a osewera uwakopere pa mndandanda umene umadutsa kumapeto kwa filimu, chilembo ndi chilembo.

Pali nthawi zimene usasankhe wekha. Ngati filimu ikukhudza kudzipha, kugwiriridwa, kapena kunamiziridwa ufiti, upite kwa aphunzitsi oyang'anira kalabu kapena aphunzitsi a uphungu musanasindikize, mugwirizane mawu a chenjezo, chifukwa pakati pa owerenga pali ana amene zimenezi zinawachitikira kunyumba. Pa za Gule Wamkulu, ngati ukufuna kunena zoposa zimene zikuoneka pakanema, ufunse wamkulu amene akudziwa mwambowo zimene zili zoyenera kulembedwa papepala lowerengedwa ndi aliyense. Chithunzi chimene mukufuna kusindikiza chili ndi eni ake, ndipo kuonetsa filimu muholo, makamaka ngati pakhomo akulipiritsa, kuli ndi malamulo ake a chilolezo. Zimenezo ndi za ahedi ndi aphunzitsi, iwe ungowakumbutsa mwaulemu. Ndipo tsiku limene udzapatsidwe filimu yopangidwa ndi achinyamata a konkuno, kapena sewero la kalabu ya pasukulu panu, ndemangayo iwerengedwe ndi mphunzitsi isanatuluke. Wosewera amene ukumudandaulayo udzakumana naye mawa pamzere wa chakudya kapena kumsika wa Kapata, ndiye mawu ako alunjike pa ntchito yake, monga mawu osamveka kapena chochitika chotalika mopitirira, osakhudza thupi lake, banja lake kapena khalidwe lake.

Popeza filimu yanu idzaonetsedwa potseka temu, ufunse amadamu ngati angakupatse malo ena m'kanyuzipepala kotsatira. Pamenepo anthu adzakhala ataonera, ndipo ukhoza kulemba nkhani yachiwiri yokambirana zonse, zimene bambo anasankha ndi zimene zinachitikira aliyense, utaika pamwamba chenjezo la zilembo zazikulu lakuti nkhaniyi ikuulula mathero. Zimene unalemba koyamba zija usazitaye, zidzagwira ntchito kumeneko.